Kasitomala Mmodzi, Mitengo Iwiri: Tikhulupirire Uti?

  Lero pa pologalamu yathu ya zamalonda ya pa wailesi tikamba za funso limene limakanganitsa eni mabizinesi ndi anthu awo ogulitsa mwezi ukamatha: kodi kasitomala watsopano mmodzi watidyera ndalama zingati kuti timupeze?

Funsoli limaoneka lophweka, koma limatulutsa mayankho awiri osagwirizana. Wosunga mabuku amatenga ndalama zonse zimene zapita pa ntchito yofuna makasitomala, n'kuzigawa ndi makasitomala onse atsopano. Umenewu tiutcha mtengo wophatikiza. Woyang'anira malonda amawerengera njira iliyonse payokha: wailesi yadya zakuti n'kubweretsa anthu akuti, ma ejenti adya zakuti, Facebook yadya zakuti. Umenewu tiutcha mtengo wa njira. Amene mumadzaza mapepala a mabanki kapena a mabungwe obwereketsa ndalama mwina munaonapo zilembo zitatu, CAC. Nkhani yake ndi yomweyi.

Mitengo iwiriyi simafanana, ndipo nthawi zambiri palibe amene akunama. Ndikufuna tione chifukwa chake, kenaka tione uti umene tingaikirepo ndalama zathu.

Titenge malonda amene tonse tikuwaona m'boma lathu lino la Nkhotakota, malonda a sola zolipira pang'onopang'ono. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno, mwa mabanja 100 alionse, pafupifupi 11 okha ndi amene ankaunikira ndi magetsi a m'mawaya. Choncho sola yapeza msika. Munthu amapereka dipoziti, amamuikira panelo padenga, mababu m'nyumba ndi potchajira foni, ndipo zotsala amalipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Akapanda kulipira, magetsi amazima okha mpaka atalipira. Malonda otere ndi abwino kuphunzirirapo chifukwa amayenda m'njira zingapo nthawi imodzi.

Tiyerekeze kuti pali mayi wina wa bizinesi yotere, shopu yake ili pa boma. Manambala amene nditchule ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino, koma kayendedwe kake ndi kamene mungakapeze m'mabuku anu. Ngati muli ndi kope ndi cholembera pafupi, lembani.

Mwezi wa Julaye, mpunga utakololedwa, mayiyu wawononga K3,000,000 pa ntchito yofuna makasitomala. Mwezi womwewo, anthu 100 apereka dipoziti ndipo aikiridwa sola. Tikagawa K3,000,000 ndi 100 tikupeza K30,000. Mtengo wophatikiza ndi umenewo, K30,000 pa kasitomala aliyense.

Tsopano woyang'anira malonda wafika ndi pepala lake. Ma ejenti alandira komishoni ya K900,000 ndipo alembetsa anthu 60, ndiye kuti K15,000 pa munthu. Uthenga wa pa wailesi wadya K400,000, ndipo anthu 40 atafunsidwa anati anamva pa wailesi, ndiye kuti K10,000 pa munthu. Facebook yadya K200,000 ndipo yabweretsa anthu 20, K10,000 pa munthu. Zionetsero za masiku a msika, zija za chimkuzamawu ndi magule, zadya K300,000 n'kubweretsa anthu 15, K20,000 pa munthu.

Taimani pamenepo. Njira yodula kwambiri ikuonetsa K20,000. Zina K15,000, zina K10,000. Nanga K30,000 yachokera kuti? Zingatheke bwanji kuti njira zonse zikhale zotchipa koma zikaphatikizidwa zikhale zodula? Pali zifukwa zinayi zimene mitengo iwiriyi imasiyanirana, ndipo tizitenga chimodzichimodzi.

(Nyimbo pang'ono)

Chifukwa choyamba ndi ndalama zopanda mwini. Phatikizani ndalama za njira zinayi zija: K900,000, K400,000, K200,000 ndi K300,000. Zikukwana K1,800,000 basi. Koma m'thumba mwatuluka K3,000,000. Pali K1,200,000 imene palibe njira imene yaivomera kuti ndi yake. Imeneyi ndi malipiro a woyang'anira malonda, mafuta a njinga yamoto, mayunitsi a m'mafoni, malaya olembedwa dzina la bizinesi, nkhomaliro ya tsiku lophunzitsa ma ejenti, ndi kuchotsera kumene mayi uja anapereka pa dipoziti kuti akope anthu.

Ndalama zimenezi zimathawa m'pepala la njira chifukwa zilibe risiti yolembedwa kuti wailesi kapena ejenti. Koma taganizani bwino. Njinga yamoto ija imanyamuka m'mawa kupita ku Mwansambo, imapita kukatani? Imakasiya katundu kwa ejenti ndi kukaona mmene akugulitsira. Maphunziro aja ndi a ndani? Ndi a ma ejenti. Tikati mwa K1,200,000 ija, theka lake, K600,000, ndi la ma ejenti, ndiye kuti njira ya ma ejenti yadya K1,500,000 osati K900,000. Gawani ndi anthu 60 aja. Mtengo wachoka pa K15,000 kufika pa K25,000. Palibe chasintha m'mudzi, tangobwezera ndalama kwa mwini wake.

Chizindikiro cha vutoli n'chosavuta kuchiona. Phatikizani ndalama za njira zanu zonse, ndipo muyerekeze ndi zimene zatulukadi ku banki ndi m'kabati. Zikasiyana, mtengo wa njira uli ndi dzenje.

Chifukwa chachiwiri ndicho chachikulu, ndipo tikhalapo kanthawi. Kasitomala mmodzi amawerengedwa kawiri, ngakhale katatu. Phatikizani anthu amene njira iliyonse ikuti ndi ake: 60, 40, 20 ndi 15. Akukwana 135. Koma sola zimene zatuluka m'shopu ndi 100. Ndipo mwa anthu 100 amenewa, 25 anangofika okha, anaona kwa neba magetsi akuwala usiku n'kubwera. Ndiye kuti njira zinayi zikulimbirana anthu 75, koma zikudzitama ndi anthu 135.

Tione mmene zimachitikira ndi munthu mmodzi. Bambo wina, mlimi wa mpunga cha kwa Mphonde, anamva uthenga wa sola pa wailesi mwezi wa Epulo, mpunga usanache. Analibe ndalama, koma dzina la bizinesi linakhala m'mutu. Mwezi wa Juni, mwana wake amene amagwira ntchito ku Dwangwa anaona chithunzi pa Facebook, anadina, nafunsa mtengo pa WhatsApp. Kumayambiriro kwa Julaye bambo uja anapita ku msika kukagulitsa mpunga, anapeza chionetsero, anagwira babu ndi dzanja lake, nalemba dzina pa pepala. Patapita sabata, ejenti anafika pakhomo, analandira dipoziti, nalembetsa bamboyo pa foni.

Tsopano funsani aliyense. Ejenti ati ndi wanga, dzina lake lili pa nambala yanga ndipo komishoni ndalandira. Wa chionetsero ati ndi wanga, nali dzina lake papepala. Amene amayendetsa Facebook ati ndi wanga, uthenga wa mwana wake nawu. Bambo mwini wakeyo mukamufunsa kuti munamva kuti, ati ndinamva pa wailesi. Onse akunena zoona, koma sola yagulidwa imodzi.

Ife a kunyanja izi timazidziwa. Usiku wa usipa, siginala amapita patsogolo ndi bwato la nyali kukaitana nsomba, ndipo anyamata a chilimira amazinga ndi kukoka khoka. Mukafunsa kuti usipa wagwidwa ndi ndani, wa nyali ati ndine, okoka ati ndife. Mukawerengera aliyense usipa wonse, mabuku anu aonetsa zidebe zochuluka kuposa zimene zafika padoko.

Njira zimene zimaima kumapeto, pafupi ndi dipoziti, ndizo zimapambana pa mkangano umenewu, chifukwa zili ndi umboni wolembedwa. Ejenti ali ndi nambala. Facebook ili ndi makina ake owerengera, ndipo malamulo a kawerengedwe amaika ndi eni ake. Mwa chizolowezi, kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook, imadziwerengera munthu amene wachita kanthu pasanathe masiku 7 atadina uthenga, ndipo imathanso kudziwerengera amene wachita kanthu pasanathe tsiku limodzi atangouona osadina. Wogulitsa malo olengezera ndi yemweyonso akukuuzani kuti kulengeza kwayenda bwanji. Sindikunena kuti amanama. Ndikunena kuti makina awo amaona mbali yawo yokha. Saona wailesi, saona chionetsero, saona neba.

Wailesi nayo ili ndi vuto lake, ndipo ndikunena izi ndili pa wailesi. Anthu akafunsidwa kuti munamva kuti, ambiri amatchula chimene chabwera msanga m'mutu, kapena chimene akuona kuti n'cholemekezeka kutchula. Ena amati wailesi pamene amene anawakopa ndi mlamu wawo. Ena amati ejenti pamene chikhulupiriro chawo chinamangidwa ndi mawu amene ankawamva madzulo alionse kwa miyezi itatu. Choncho funso limeneli likhoza kuikweza wailesi mopitirira, likhozanso kuipondereza.

(Nyimbo pang'ono)

Ngati mwangotsegula kumene, tikukamba za mtengo wopezera kasitomala, ndipo taona zifukwa ziwiri zimene zimachititsa mtengo wa njira kuoneka wotsika kuposa mmene ulili. Mwina mwayamba kuganiza kuti basi tikhulupirire mtengo wophatikiza. Dikirani, nawonso uli ndi pobisalira pake.

Chifukwa chachitatu ndi anthu obwera okha aja. Takamba kuti anthu 25 anafika popanda kuitanidwa ndi uthenga wolipiridwa. Mtengo wophatikiza umawaika m'gulu limodzi ndi ena onse, ndipo amautsitsa. Tikawachotsa, K3,000,000 yagula anthu 75, ndiye kuti K40,000 pa munthu, osati K30,000. Bizinesi ikamakula, obwera okha amachuluka, chifukwa nyumba iliyonse yowala imalengeza malonda kwaulere. Mtengo wophatikiza umatsika mwezi ndi mwezi, mwini bizinesi n'kumasangalala kuti kulengeza kukuyenda bwino, pamene zoona zake n'zakuti dzina labwino la zaka zapita ndilo likuphimba ndalama zimene zikutayika lero.

Apa pali msampha umene wagwetsa ambiri. Mayi uja waona K30,000 ndipo akudziwa kuti kasitomala aliyense akamaliza kulipira amamusiyira phindu la K50,000. Akuti phindu lilipo, tiwonjezere moto. Akuwonjezera K600,000 pa kulengeza, zonse pamodzi K3,600,000. Makasitomala akwera kuchoka pa 100 kufika pa 110. Wosunga mabuku akugawa n'kupeza pafupifupi K32,700. Akuti mayi, musadandaule, mtengo wangokwera pang'ono, tikadali pansi pa K50,000.

Koma funsani funso lenileni. K600,000 yowonjezera ija yabweretsa anthu angati? Anthu 10. Ndiye kuti aliyense wa iwo wadya K60,000, kuti adzabweze K50,000. Pa kasitomala aliyense wowonjezera, mayiyu akutaya K10,000, ndipo mtengo wophatikiza sukumuuza, chifukwa anthu 10 odulawo abisala pakati pa anthu 100 otchipa. Zimatero chifukwa njira iliyonse imayamba ndi anthu osavuta. Ejenti amayamba ndi abale ake, a kumpingo kapena ku mzikiti kwake, ndi aphunzitsi a pasukulu yapafupi. Akatha amenewo, ayenera kupalasa njinga mtunda wautali kukanyengerera anthu osamudziwa. Kasitomala wa nambala 60 samafanana mtengo ndi wa nambala 6.

Chifukwa chachinayi ndi nthawi. Ndalama imatuluka mwezi wina, kasitomala amabwera mwezi wina. Kuno kwathu ndalama imayenda ndi nyengo. Mlimi wa mpunga amakhala nayo akakolola, kuyambira cha m'Meyi kupita m'tsogolo. Ku Dwangwa ndalama imachuluka nyengo yodula nzimbe ikayamba. Msodzi amavutika mwera ukamaomba nyengo yozizira, komanso m'Novembala ndi Disembala pamene makoka ena amaletsedwa panyanja kuti nsomba ziswane. Mukalengeza kwambiri mu Febuluwale, nthawi ya njala, mudzaona mtengo wokwera koopsa, n'kuganiza kuti wailesi ndi yachabe. Mukasiya kulengeza mu Julaye, mudzaona mtengo wotsika, n'kuganiza kuti mwachenjera, pamene mukukolola za mu Febuluwale zija. N'chifukwa chake mtengo wophatikiza wa mwezi umodzi suyenera kukudodometsani. Uwerengeni pa miyezi itatu, ndipo muyerekeze nyengo ino ndi nyengo yomweyi chaka chatha.

(Nyimbo pang'ono)

Tsono tikhulupirire uti? Yankho langa nali, ndipo ndikuliimira. Mtengo wophatikiza ndi umene muyenera kuukhulupirira pa funso lakuti kodi bizinesi yonse ikudzilipira, chifukwa mbali zake zonse ziwiri mungazigwire ndi manja: ndalama imene yatuluka, ndi sola zimene zaikidwa padenga. Sungawerenge munthu kawiri. Mtengo wa njira muutenge ngati mawu a mboni imene ili ndi mbali pa mlandu. Muumvere, umakuuzani koyambira kufufuza, koma musagamule nawo. Ziwirizi zikatsutsana, wophatikiza ndiye wolondola pa kuchuluka kwa ndalama, ndipo pepala la njira ndilo liyenera kukonzedwa mpaka ligwirizane nawo.

Koma pa funso limene limafunika kwambiri, lakuti K100,000 yotsatira ndiiike kuti, kapena ndidule pati, mitengo yonse iwiri ilibe yankho. Yankho limapezeka pofunsa kuti ndikanapanda kulipira njira imeneyi, ndi anthu angati amene sakanabwera? Ndipo njira yodalirika yodziwira ndi imodzi: kuzimitsa, n'kuona.

Izi si nzeru za kumudzi zokha. M'chaka cha 2012, kampani yaikulu ya ku Amereka yogulitsa zinthu pa intaneti, ya eBay, inachita zomwezi. Inkalipira kuti munthu akalemba dzina lake pofufuza pa intaneti, uthenga wake wolipiridwa uzioneka pamwamba, ndipo mapepala ankaonetsa kuti uthengawo ukubweretsa anthu ochuluka. Akatswiri atatu a zachuma, Thomas Blake, Chris Nosko ndi Steven Tadelis, anaona zimene zinachitika uthengawo utazimitsidwa pa Yahoo ndi pa makina ofufuzira a Microsoft. Pafupifupi anthu onse anabwerabe, anangodina pa dzina laulere limene linali m'munsi mwake. Kampaniyo inkalipira anthu amene anali kale pa njira yobwera. Anazimitsanso mauthenga ena m'madera osankhidwa a dzikolo kwa masiku 60, n'kupeza kuti ankathandiza pa anthu atsopano ndi ogula mwa apo ndi apo, koma pa ogula a masiku onse, amene ankadya gawo lalikulu la ndalamazo, sankasintha kanthu. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2015.

Mayi wathu wa pa boma angachite chimodzimodzi, ndipo boma lathu likumuthandiza, chifukwa ndi lalitali, latambalala motsatira nyanja ndi msewu wa M5. Kumpoto ndi kummwera n'kotalikirana ndithu. Nazi zoyenera kuchita.

Asankhe madera awiri amene malonda ake akhala akuyenda mofanana, tinene kuti lina kumpoto, lina kummwera, lililonse limagulitsa sola pafupifupi 30 pamwezi. Atsimikize zimenezi poyang'ana mabuku a miyezi ingapo yapita, asangoganizira. Facebook imalola kusankha dera limene uthenga uzionekera. Tinene kuti dera lililonse limadya K100,000 pamwezi ndipo pepala limati limabweretsa anthu 10. Azimitse uthengawo dera limodzi kwa miyezi iwiri, kwinako aupitirize. China chilichonse chikhale mmene chinalili: mtengo wa sola, komishoni, chiwerengero cha ma ejenti. Ndipo asawauze ma ejenti kuti pali mayeso, chifukwa akadziwa amasintha khama lawo.

Miyezi iwiri yatha. Kumene uthenga unapitirira agulitsa sola 62. Kumene unazimitsidwa agulitsa 58. Kusiyana ndi anthu 4. Pepala la njira likanakhala loona, dera lozimitsidwa likanataya anthu 20 pa miyezi iwiriyo, n'kutsikira cha ku ma 40. Silinatero. Ndiye kuti K200,000 yabweretsa anthu pafupifupi 4, K50,000 pa munthu, osati K10,000 imene inkaoneka papepala.

Pano ndiyenera kukuchenjezani, chifukwa manambala aang'ono amapusitsa. Pa malonda a sola 60, kukwera kapena kutsika ndi 7 kapena 8 kumachitika kokha popanda chifukwa: maliro m'mudzi, ejenti wadwala malungo sabata imodzi, mlatho wavuta. Choncho musalumbire kuti mtengo ndi K50,000 ndendende. Chimene mwaphunzira motsimikiza n'chakuti anthu 20 aja kulibe. Kuti mudziwe zambiri, sinthanitsani madera, muzimitse kumene kunali koyaka, n'kuonanso. Zotsatira zikafanana kawiri, mutha kusuntha ndalama mtima uli m'malo. Ndipo musayerekeze dera la nzimbe ndi dera la asodzi pa nthawi imene kwina kuli malipiro, kwina kuli mwera. Mudzayesa nyengo m'malo moyesa uthenga.

Wailesi ndi yovutirapo kuiyesa motere. Wailesi ya m'boma lino, Nkhotakota Community Radio, imene yakhala ikuulutsa mawu kuyambira 2003, imamveka m'madera ambiri nthawi imodzi, ndipo mphepo simungaiuze kuti ilekeze pa mtsinje wa Bua. Pamenepo muyesa ndi nthawi: milungu isanu ndi umodzi uthenga ukumveka, milungu isanu ndi umodzi kuli zii, m'nyengo imodzi. Musayang'ane anthu okhawo onena kuti anamva pa wailesi. Yang'anani malonda onse, makamaka a ma ejenti. Ngati wailesi ikugwiradi ntchito, ikazima mudzamva ma ejenti akudandaula kuti anthu akuwakayikira, kuti akuyenda makomo khumi kuti agulitse imodzi pamene kale ankayenda asanu. Zotsatira zake zimachedwanso kuoneka, chifukwa anthu saiwala dzina tsiku limodzi. Wodula wailesi lero n'kusangalala sabata yamawa wathamanga.

Mayeso oterewa akhoza kutulutsanso zosiyana ndi zimene mumayembekeza. Njira imene papepala ikuoneka yodula, monga zionetsero za pa msika za K20,000 zija, mukaizimitsa mwina malonda a ma ejenti a dera limenelo agwa, chifukwa ndi pamene anthu ankagwira katundu ndi manja n'kukhulupirira. Mwini bizinesi amene amadula njira poyang'ana pepala lokha amayamba kudula zimene zimatsegula mtima wa munthu, n'kusiya zimene zimangolandira dipoziti. Kwa mwezi umodzi kapena iwiri zimaoneka ngati wapulumutsa ndalama. Kenaka malonda amayamba kuuma, iye osadziwa chifukwa chake.

Chinthu china chimodzi tisanatseke. Gwirizanani kuti kasitomala ndi ndani. Amene watumiza uthenga pa WhatsApp si kasitomala. Amene walemba dzina pa chionetsero si kasitomala. Pa malonda olipira pang'onopang'ono, ngakhale wopereka dipoziti sanatsimikizike. Ngati mwa anthu 60 a ma ejenti aja, 15 asiya kulipira pakatha miyezi itatu, K1,500,000 ija yagula anthu 45 okha, ndipo mtengo wapitirira K33,000. Ejenti amene amalandira komishoni yonse tsiku la dipoziti alibe chifukwa chosankhira anthu odalirika. N'chifukwa chake n'kwanzeru kuigawa komishoni, ina tsiku loika sola, ina kasitomala akalipira miyezi ingapo. Njira zonse ziyesedwe ndi muyeso umodzi womwewo.

Mwezi uno ukamatha, khalani pansi ndi kope. Tsamba loyamba lembani ndalama zonse za miyezi itatu zofunira makasitomala, kuphatikizapo malipiro, mafuta ndi kuchotsera, mugawe ndi makasitomala enieni a miyezi itatu, ndipo muyerekeze ndi phindu limene kasitomala amakusiyirani. Tsamba lachiwiri lembani njira iliyonse, ndipo muone ngati ndalama zake zikukwana ndi za tsamba loyamba, komanso ngati anthu ake sakuposa katundu amene watuluka. Kusiyana kumene mupeze musakufufute, ndi kumene kukukuuzani kuchuluka kwa zimene simukuziona. Tsamba lachitatu lembani njira imodzi imene mukuikayikira kwambiri, dera limene muizimitse, tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza, ndiponso chiwerengero chimene mukuyembekeza ngati pepala likunena zoona. Chiwerengero chimenecho chilembedwe mayeso asanayambe, kuti pamapeto pasakhale kukokerana.

Ndalama zolengezera malonda ndi zimene zikanalipira wantchito wina kapena kugula katundu wina, ndipo bizinesi zathu zazing'ono zilibe zoti zitaye. Kuzimitsa uthenga dera limodzi kwa miyezi iwiri sikufuna katswiri wochokera ku Lilongwe, ndipo pa nthawi ya mayesoyo mumakhala mukusunga ndalama. Chimene chimafunika ndi kulimba mtima kovomera yankho, ngakhale litakhudza njira imene mumaikonda kapena munthu amene mumamudalira.